A Pyo ndi kalata yopepesa ya Na-gyeong

A Pyo Gwang-seop anakhala mphunzitsi wamkulu pa sekondale yathu ya atsikana ku Gimcheon kwa zaka zinayi. Ine ndimaphunzitsa Chikoreya pa sukulu yomweyo, ndipo ndikulemba za iwo tsopano chifukwa pa phwando lowatsanzika sindinanene zimene ndinayenera kunena. Ndinangowapatsa maluwa, n'kuwerama, n'kukhala pansi.

Ndi munthu wamfupi, wadazi, mwana wa mlimi wa mphesa. Asanakwezedwe anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. M'mawa uliwonse ankaima pageti ndi chopanira chotolera zinyalala, moti makolo achilendo ankawayesa mlonda n'kumawatuma kuti akapereke kwa ana awo zimene aiwala kunyumba. Iwo ankalandira ndi manja awiri n'kukaperekadi. Amene anaphunzira kwa iwo amakumbukira chinthu chimodzi: ukalemba yankho lolondola osasonyeza njira imene wadzera, ankakupatsa theka la malikisi. Ankati yankho munthu akhoza kulitola pena paliponse, iwo akufuna njira.

Kulankhula pagulu ndiye sankatha ayi. Ankayamba ndi nyengo, kenako mbiri ya sukulu, kenako ankati "pomaliza" n'kulankhulanso mphindi khumi, n'kudzatinso "pomaliza". Ana anawatcha dzina loti A Pomaliza. A Tak Jin-uk, mphunzitsi wachinyamata wa Chingerezi amene desiki lake lagundana ndi langa, ankalemba timizere papepala pa msonkhano uliwonse wa Lolemba, kuwerenga kuti mawuwo anenedwa kangati. Tsiku lina anafika pa kasanu ndi kawiri.

Chaka chomaliza cha A Pyo, mu Malichi, sukulu inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yofufuza ngati chimangirizo cha mwana chalembedwa ndi makina aja olemba okha. Tinali titatopa. Ana ena ankapereka zimangirizo zosalala bwino za buku limene sanalitsegule n'komwe, ndipo ana oona mtima ankadandaula, makolo awo n'kumaimba foni. Pulogalamuyo unkangoikamo cholembedwacho, n'kukupatsa nambala, kuyambira ziro mpaka 100. Anatiphunzitsa kwa theka la ola, makamaka malo odina. Ine ndinasangalala nayo kuposa anzanga ambiri, chifukwa sindikonda kukangana, ndipo ndinaganiza kuti tsopano pali china chondikanganira.

Ndiyenera kunenapo pang'ono za ine. Amuna anga anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kuyambira pamenepo ndimapita ku mapemphero a mbandakucha, ndipo ndikabwerako ndimakopera Malemba pamanja, tsamba limodzi pa tsiku, monga amachitira amayi ambiri kumpingo kwathu. Kukoperako kunandiphunzitsa kuti dzanja likayenda pang'onopang'ono mawu amakhazikika mumtima. Choncho ndinayamba kuuza ana a chaka choyamba kuti sabata iliyonse azikopera pamanja ndemanga imodzi ya mkonzi wa nyuzipepala, kuti aphunzire kuyala mfundo mwadongosolo. Ambiri ankasiya pakatha mwezi. Yeo Na-gyeong sanasiye.

Na-gyeong anali mwana wachete, wa zilembo zowongoka. Mayi ake ali ndi kamalo kogulitsira gimbap, mpunga wokulungidwa m'ndere za m'nyanja, pafupi ndi msika, ndipo iye ankalembera homuweki yake patebulo la kukona, makasitomala akachepa. Ankafuna kudzakhala mphunzitsi wa Chikoreya. Njira yake yolowera ku yunivesite inali imodzi: magiredi a kusukulu ndi mbiri ya wophunzira, ija timalemba ife aphunzitsi n'kuwerengedwa ndi osankha ana. Teremu yoyamba ya chaka chachitatu, chaka chotsiriza cha sekondale yathu, ndiyo yomaliza kulowa m'mbiri imeneyo pa chisankho choyambirira cha ku yunivesite. Aliyense pa sukulu amadziwa zimenezi, kuyambira ahedi mpaka amayi ophika.

Kumapeto kwa Juni ana a chaka chachitatu anapereka chimangirizo chokamba za buku limene anawerenga, cha malikisi 20 mwa 100 a teremu. Lachinayi lina ndinaika zonse mu pulogalamu. Zambiri zinatuluka ndi manambala ang'onoang'ono. Cha Na-gyeong chinatuluka 87, ziganizo zake zambiri zitapakidwa utoto wofiira. Mwana wogwidwa akubera amapatsidwa ziro pa ntchitoyo, ndipo ziro ameneyo akanamutsitsa kuchoka pa giredi yoyamba kufika cha pa yachinayi, m'phunziro lomwe ankafuna kukaliphunzira.

A Tak anasuzumira pa kompyuta yanga n'kuimba kamluzu.

"Aphunzitsi a Ok, mwana wanu wapamtima uja? Ndiye ife ana athu amphulupulu titani?"

Anangoseleula, koma mawuwo anandilowa. Anthu amandidziwa kuti sindikondera. Ndinaopa kuti ndikachedwa ngakhale pang'ono adzati Aphunzitsi a Ok amagwira ana a ena okha.

Ndinamuitanitsa nthawi ya nkhomaliro. Anabwera atakumbatira kope lobiriwira, n'kuwerama pakhomo la chipinda cha aphunzitsi. Ndinatembenuza kompyuta kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa kuti analemba yekha. Ananena kamodzi kokha. Ndinamuuza kuti makina sadana ndi munthu, sakonda munthu, ndipo alibe chifukwa chomunamizira. Anandipatsa kope lija ndi manja awiri, akuti zonse zili mmenemo. Ndinalilandira n'kuliika pansi pa mulu wa mapepala, ndikunena kuti kope aliyense akhoza kulidzaza pambuyo pake. Kenako ndinamuuza kuti alembe kalata yopepesa, chifukwa komiti yoona za magiredi imamvera chisoni mwana wodzichepetsa.

Anandiyang'ana kanthawi. Pa nthawiyo ndinaganiza kuti ndi manyazi. Tsopano ndikudziwa kuti ankakumbukira kuti ndemanga yanga ya m'mbiri yake ndinali ndisanalembe, ndipo mwana wanzeru satsutsana ndi munthu amene wagwira cholembera chimenecho. Anakhala patebulo la pafupi ndi pomwera madzi, n'kulemba tsamba lathunthu ndi cholembera changa. Foni yake inali m'chikwama chimene timasonkhanitsiramo mafoni m'mawa. Ine ndinali kumuyang'ana mphindi zonse makumi awiri.

Lachisanu ndinalumikiza chimangirizo, pepala la nambala 87 ndi kalatayo, n'kupereka ku ofesi ya A Pyo. Komiti inali yoti ikumane Lachinayi lotsatira. Lamulungu ndinaimba nawo m'kwaya mtima uli m'malo.

Lolemba m'mawa tinasonkhana monga mwa nthawi zonse, aphunzitsi makumi anayi, aliyense ndi kapu yake ya khofi. A Tak anakonza kapepala kake ka timizere. A Pyo analowa opanda mapepala aja amawerenga, atangonyamula kabuku kakang'ono. Za nyengo sananene.

"Aphunzitsi, pulogalamu ija ndinadinda ndine kuti ibwere," anatero. "Ndinadinda osaiyesa. Ndiye wolakwa woyamba ndi amene waima panoyu."

Anatiuza kuti Loweruka lonse anakhala mu ofesi akuiyesa ndi kuwerenga malangizo ake, amene ambiri a ife tinali tisanawaone. Anatikumbutsa pulogalamu yakale ija yofufuza zokopera. Imene ija, anati, ikanena kuti mwana wakopera imakuonetsa tsamba limene wakoperapo, iwe n'kuika ziwirizo pambali n'kuona ndi maso ako. Yatsopanoyi ilibe tsamba loti ikuonetse. Sinaone mwana akulemba, ndipo sidziwa chimene makina ena analembera munthu. Imangoyang'ana kalembedwe: ngati mawu akutsatana mmene aliyense angayembekezere, ngati ziganizo zili zofanana msinkhu, ngati palibe paliponse pamene wolemba wapunthwa. Ikatero imangoyerekeza. Ndipo munthu amene anaphunzitsidwa kulemba mwadongosolo, motsata chitsanzo, akhoza kuoneka chimodzimodzi.

Anatsegula kabuku kaja. Anati anaika mu pulogalamuyo mawu amene iwo analankhula pa mwambo wotsanzika ophunzira zaka khumi ndi zisanu zapitazo, makina olembawa asanabwere. Anatuluka 78.

Chipinda chonse chinaseka. A Tak anati, "Ahedi, zimenezo ana anazitulukira kale popanda pulogalamu." A Pyo nawonso anaseka, akusisita dazi lawo.

Kenako anati anauza makina kuti awalembere chimangirizo, iwo n'kusinthamo mawu apa ndi apo, n'kudula ziganizo zina, kwa mphindi khumi zokha. Chinatuluka 9. Apa kuseka kunachepa. Anati taonani, mwana wochenjera amene waberadi akhoza kudutsa, wogwidwa n'kukhala amene sanaganize n'komwe zobisa kanthu.

"Chachitatu ndi kalata," anatero, akuyang'ana m'kabuku, osati kwa ife. "Kalata yopepesa imene wophunzira wina analemba pamanja, alibe foni, mphunzitsi akumuona. Sindinena chaka, sindinena kalasi. Ndinaitaipa mmene ilili, dzina lokha n'kuchotsa. Yatuluka 91."

A Tak anasiya kugwedeza cholembera chawo. Sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'anako kunali koipa kuposa kundiyang'ana.

A Pyo anapitiriza mofatsa. Anati kalatayo ndi yaifupi, ndipo eni pulogalamu amachenjeza okha kuti pa zolemba zazifupi imaphonya kwambiri. Anati nambala imeneyi sikutiuza kuti mwanayo sanabere pa ntchito ina. Ikungotiuza kuti pulogalamu ikhoza kuloza chala munthu amene tamuona ndi maso athu akulemba yekha. Kenako anapita pa bolodi laling'ono lija timalembapo za mayeso, natenga cholembera ngati kale.

"Tili ndi atsikana 600. Aliyense amapereka zolemba ngati zisanu ndi zitatu pa chaka. Zonse 4,800. Tiyerekeze kuti onse alemba okha, ndipo pulogalamu ndi yabwino kwambiri, imanamizira kamodzi kokha pa 100. Ndi zingati?"

Analemba 48 n'kuzungulira.

"Mmodzi pa 100 amamveka wochepa. Koma awa ndi ana okhala ndi mayina, ndipo m'mawa uliwonse amandiweramira pageti."

Sanatiletse kuigwiritsa ntchito. Anati akudziwa kuti ena amaberadi, ndipo kuwasiya ndi kulakwira ana oona mtima. Koma anapempha kuti nambala ikhale chifukwa choitanira mwana kuti tikambirane, isakhale chigamulo. Tiziona zolemba zake zoyambirira, tiziona mbiri ya failo mmene inkasinthira, tizimufunsa kuti afotokoze ndi pakamwa zimene analemba. Ngati tikuyesa, tiziyesa kalasi lonse, osati okhawo amene nkhope zawo sitizikhulupirira, ndipo ana aziuzidwa pasadakhale. Mayina tizichotsa tisanaike ntchito ya mwana m'makina a eni ake. Kalata yopepesa isamalembedwe tisanamve mbali ya mwana. Ndipo pa sukulu ino, iwo akadali pampando, palibe mwana adzapatsidwe ziro chifukwa cha nambala yokha.

A Tak anakweza dzanja, ulendo uno osaseka. Anati iwo ali ndi makalasi asanu, ana 150, ndipo magiredi amafunika pa tsiku lake. Nthawi yokhala pansi ndi mwana aliyense aitenga kuti?

"Mukunena zoona," anayankha A Pyo. "Ya nthawi ndilibe yankho. Mwina tichepetse za kunyumba, zambiri azilembera m'kalasi. Zimenezo tikambirane. Koma ngati nthawi yomva mwana palibe, ndiye kuti nthawi yomulanga palibenso."

Anawerama n'kukhala pansi. Papepala la A Tak panalibe kamzere ngakhale kamodzi.

Apa m'pamene ndinayenera kuimirira. Sindinaimirire. Ndinamwa khofi wanga wozizira, belu linalira, ndinapita kukaphunzitsa.

Ndakhala ndikufunafuna chifukwa chabwino cha masiku awiri otsatirawo, ndipo sindinachipeze. Ndinakwiya, n'zoona. Ndinadziuza kuti ahedi andichititsa manyazi pagulu, ine amene ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri popanda kholo kundidandaula. Ndinadziuza kuti mwana wosalakwa sakanalemba kalata. Lachiwiri ku mapemphero a mbandakucha ndinapempha kuti nkhaniyi ingotha yokha, kuti A Pyo angobisa mapepalawo m'kabati komiti isawaone. Sindinapempherere Na-gyeong. Ndinapempherera nkhope yanga. Tsiku lomwelo ndinaphunzitsa kalasi lake. Anakhala pamalo pake pafupi ndi windo, akulemba zonse zimene ndinkanena, osadzutsa mutu. Anzake anali atadziwa kale kuti anaitanidwa, ndipo mtsikana wokhala naye limodzi anali atasendeza desiki lake pang'ono, danga lokwana chikhatho.

Lachitatu, ola limene ndinalibe kalasi, ndinkafuna pepala lina pamulu paja, kope lobiriwira lija n'kugwa. Sindinganene kuti ndinalifunafuna. Linagwa, ndinalitola, ndipo poti linali m'manja ndinalitsegula.

Munali madeti kuyambira pakati pa Meyi. Chiyambi cha chimangirizo anachilemba katatu, ziwiri n'kuzikhwatcha. M'mbali munali mafunso odzifunsa yekha, manambala a masamba a buku, ndi mawu amodzi amene anawasintha kanayi asanakhutire. Tsamba lina linali ndi banga la mafuta a chitowe a kumalo kwa mayi ake. Ziganizo zimene pulogalamu inazipaka zofiira ndinaziona zikubadwa, zikuyamba zokhota, zikuwongoka pang'onopang'ono. Ndipo zinkawongokera kumene ine ndinamulozera: mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mbali ya otsutsa, kenako kumanga zonse. M'kati mwa chikuto chakumbuyo anamatamo kapepala ka chaka choyamba, kodulidwa bwino, kokhala ndi inki yofiira. Zilembo zinali zanga. "Chiganizo chilichonse chili pamalo pake. Uzilemba chonchi nthawi zonse."

Ndinapita ku ofesi ya A Pyo ndi kopelo. Anandiloza mpando n'kunditsanulira tiyi wa barele wa m'fulasiki yawo. Ndinaika kope patebulo, koma iwo anatulutsa kaye kalata ija.

"Aphunzitsi a Ok, kalatayi munaiwerenga?"

Ndinati ndinali pomwepo akuilemba.

"Kuiwerenga ndikunena."

Ndinaiwerenga. Na-gyeong anapepesa chifukwa chovutitsa aphunzitsi. Anapepesa chifukwa chowatayitsa nthawi ya nkhomaliro. Analonjeza kuti adzasamala kuti asadzakayikiridwenso. Tsamba lonse, mwaulemu, mwadongosolo. Panalibe pamene ananena kuti anagwiritsa ntchito makina.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanangondiitana Lachisanu lomwe lija. Anayang'ana kapu yawo.

"Ndinkakuopani," anatero. "Ndinalankhula kwa anthu makumi anayi chifukwa kulankhula kwa mmodzi kunandikanika. Ndiye onani, ena anazindikira kuti ndi inu, ena anazindikira mwanayo. Ndinkati ndikubisa, koma ndinaulula. Ndipo mwanayo wadikira masiku ena asanu chifukwa cha mantha anga."

Ndinawapempha kuti angochotsa nkhaniyo pa mndandanda wa komiti. Anati akhoza kukana kudinda, mphamvu imeneyo ali nayo. Koma anthu adzati ahedi okalamba amumvera chisoni mwana asanapume ntchito, ndipo Na-gyeong adzakhalabe wobera amene anapulumuka. Woti achotse ndi amene anabweretsa. Anatsegula kope lija, nayendetsa chala m'masamba monga ankachitira ndi masamu, kenako anandibwezera.

"Njira ikuoneka," anatero. "Komabe musachoke pa kukhulupirira nambala n'kuyamba kukhulupirira kope. Kamufunseni mwini wake."

Ndinamuitanira m'chipinda cha uphungu, kumene kulibe anthu. Ndinamufunsa chifukwa chake anataya chiyambi choyamba chija. Poyamba ankayankha mawu amodziamodzi, akuyang'ana patebulo. Kenako anaiwala pang'ono kuti akulankhula ndi ndani, n'kufotokoza kuti anasintha maganizo pa munthu wamkulu wa m'bukumo atawerenga mutu womaliza kachiwiri, ndipo anali asanatsimikizebe ngati mfundo yake yachitatu inali yolimba. Analankhula mphindi khumi ndi zisanu. Zina zimene ananena zinali zabwino kuposa zimene analemba. Nditamufunsa chifukwa chake analemba kalata ija, anati mayi ake amanena kuti aphunzitsi akakwiya, choyamba upepese, zina pambuyo.

Ndinaimirira n'kumuweramira. Ndinati ndinalakwa, ndinakana kuona kope lake, ndinamukakamiza kupepesa pa chinthu chimene sanachite. Anadzidzimuka, naimirira msangamsanga, nawerama kutsika kuposa ine.

"Palibe kanthu, aphunzitsi."

Mawu amenewo anawanena mwaulemu womwe uja wa m'kalata.

Lachinayi komiti inakumana, anthu asanu ndi anayi, A Pyo ali pakati. Ndinaimirira ndi mapepala anga n'kunena kuti ndikubweza nkhaniyo. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, za kope limene ndinalikwirira, za kalata imene sindinaiwerenge, za kapepala ka inki yofiira. Wina anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ndatsimikiza kuti ndilibe umboni uliwonse woti anabera, ndipo ndili ndi wambiri woti analemba yekha. Ndinapempha kuti mphunzitsi wina wa Chikoreya achonge chimangirizocho, chifukwa ine sindinkadzikhulupiriranso. Anachipatsa 19. A Pyo anadinda, ndipo m'mbiri ya Na-gyeong simunalowe kanthu za nkhaniyi. Giredi yake inakhala yoyamba. Tsiku lotsatira ndinauza kalasi lake kuti ndinakayikira ntchito ya mnzawo popanda chifukwa chokwanira, ndipo wolakwa ndine.

Sabata yomweyo mayi ake anandidikirira pageti atavala epuloni. Ndinakonzeka kuti andikalipire, ndipo mwina ndinkafuna atatero. Iwo anawerama n'kunena kuti pepani aphunzitsi, mwana wakuvutitsani. A Pyo anali chapatali ndi chopanira chawo, akutola kanthu kamene sindikhulupirira kuti kanalipo.

Anapuma ntchito kumapeto kwa Ogasiti. Pa phwando lowatsanzika analankhula theka la ola, ndipo A Tak anawerenga timizere tisanu. Malamulo amene anapempha aja analembedwa pa tsamba limodzi n'kumatidwa pafupi ndi pomwera madzi. Ena amawatsata, ena amawatsata akakhala ndi nthawi. Ana awiri anagwidwa teremu yotsatira, ndipo onse awiri anavomera okha atalephera kufotokoza zimene anapereka.

Mu Seputembala Na-gyeong anapereka chimangirizo china, chaching'ono. Nditachiwerenga ndinaganiza kuti wadwala. Ziganizo zina zinali zoduka, mfundo yachiwiri inabwera isanathe yoyamba, ndipo munali zolakwika ziwiri zimene mwana ameneyu sakanachita ngakhale ali m'tulo. Ndinamuitana n'kumufunsa mofatsa. Anandiuza mosabisa kuti masiku ano akamaliza kulemba amaika ntchito yake mu pulogalamu ina yaulere ya pa intaneti, n'kumaiwononga pang'onopang'ono mpaka nambala itatsika pansi pa 20. Ndinamuuza kuti safunika kutero, pa sukulu ino palibe amene adzamukayikirenso.

"Ndikudziwa, aphunzitsi," anatero. "Ndikuyeserera za kumene ndikupita. Kumeneko mwina kulibe A Pyo."

Anasankhidwa ku yunivesite imene ankafuna. Pa tsiku lotsanzika anabwera kudzandiweramira monga ana onse, ndipo ndinamubwezera kope lake lobiriwira. Analitsegula kumbuyo ndili pomwepo, nayang'ana kapepala kaja, nalitseka. Sindikudziwa ngati kadakali mmenemo.

Juni wathayu ndinakwera basi kupita kumunda wa A Pyo. Ndinawapeza pansi pa mipesa atavala chipewa chachikulu, akuveka tsango lililonse la mphesa kathumba ka pepala, limodzi limodzi, monga ankachitira bambo awo. Mayi a kunyumba anandipatsa madzi ozizira n'kunena kuti mwabwera bwino, mwina inu akumverani, munthuyu amalankhula ndi mphesa ngati ali pa msonkhano. Ndinapita ndi cholinga chowathokoza. M'malo mwake ndinawauza za chimangirizo cha mu Seputembala chija, chimene ndinali ndisanauzepo munthu.

Anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pa tsango. Ndinayembekezera kuti anditonthoza, kapena anena kuti mwana adzaiwala. Sanatero. Anafunsa ngati ndikupatsabe ana a chaka choyamba ntchito yokopera ija. Ndinati ndinasiya teremu imodzi, kenako ndinayambiranso, ndipo sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Anati iwonso sakudziwa.

Anandipatsa mtolo wa timatumba n'kundionetsa kapindidwe ka kawaya ka pakhosi pake kuti mvula isalowe. Tinagwira mzere umodzi mpaka kumapeto, iwo mbali iyi, ine mbali inayo. Tanga tambiri anatimasula n'kutimanganso.

Kalata ija ili ndi ine. A Pyo anandipatsa komiti itatha, akuti m'mafailo a sukulu ilibe malo. Ndinafuna kuibweza kwa mwini wake, koma ndinaona kuti kutero ndi kumupempha kuti anenenso kuti palibe kanthu. Ili m'kati mwa kope limene ndimakoperamo Malemba, ndipo m'mawa uliwonse ndimaisuntha tsamba limodzi kuti ndipeze polemba.